Mmene mungathokozere m'bale wakunja amene walipira fizi popanda kumveka ngati mukupemphanso

Mawu othokozera amene tinakula nawo ali ndi mawa mkati mwake. Munthu akakupatsa lichero la ufa umati, "Zikomo, ndi mawa lomwe," kapena "Musatope nafe." Pamudzi mawu amenewa ndi ulemu chabe, chifukwa wopereka lero ndi amene adzalandire mawa, ndipo onse awiri akudziwa. Koma mawu omwewo akafika pa foni ya munthu amene ali ku Joni kapena ku Mangalande, amene wangochotsa gawo lalikulu la malipiro ake kuti mwana wanu asabwezedwe kusukulu, amamveka mwina. Iye amamva kuti teremu yamawa yalembedwa kale pa dzina lake. Ambiri sanena kanthu. Amangoyamba kuchedwa kuyankha mauthenga, ndipo inu kuno mumadabwa kuti mwalakwa chiyani.

Njira yake ndi imodzi: kuthokoza kukhale pakokha, kupempha kukhalenso pakokha, pa tsiku lina. Uthenga wothokoza unene za ndalama imene yabwera kale, kumene yapita, ndi chimene yachita, kenaka uthere pomwepo.

Tiyerekeze nkhani imodzi kuti tiyende nayo. Mayi ali ku Dedza, mwana wake wamkazi ali Fomu 3 pasukulu yogonera komweko. Fizi ya teremu ino ndi K400,000. Mchimwene wa mayiyu, amene kwa mwanayo ndi malume, amagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo watumiza ndalama kudzera pa Mukuru. Imene yafika m'manja ndi K450,000. Ziwerengerozi ndi zongoyerekeza, inu muikepo zanu.

Tsiku lomwelo: nenani kuti yafika

Uthenga woyamba si wothokoza kwenikweni, ndi wochotsa nkhawa. Wotumiza ndalama amakhala ndi mtima m'mwamba mpaka atamva kuti yafika kwa mwini wake. Amadzifunsa ngati analemba nambala yolondola, ngati dzina likufanana ndi la pa chitupa chanu cha unzika, ngati ejenti anali ndi ndalama yokwanira. Musadikire kuti mukalipire kaye kusukulu ndiye muyankhe. Ola lomwe mwaitenga, kapena lomwe yalowa mu Airtel Money kapena Mpamba, lembani mizere iwiri:

"Achimwene, ndalama ija yafika, ndalandira K450,000. Mawa m'mawa ndikukalipira kubanki, ndikutumizirani risiti. Zikomo kwambiri."

Tchulani chiwerengero chenicheni cha makwacha. Iye anatumiza marandi, ndipo amafuna kuona ngati chimene chinamuonekera pa foni yake potumiza ndi chimene chakufikani. Mawu akuti "kandalama kaja" kapena "kangachepe kaja" musawagwiritse ntchito. Wopereka akhoza kunena "kangachepe" podzichepetsa, koma wolandira akanena choncho ndiye kuti wanyoza.

Pali chinthu china chimene chimaononga uthenga woyambawu: kudandaula za mtengo wosinthira ndalama. "Mukanapatsira munthu wobwera pabasi ikanachuluka," kapena "atidula yambiri potapa." Mwina ndi zoona, koma munthu amene wangotumiza kumene akamva zimenezi amamva kuti mphatso yake yaperewera isanagwire n'komwe ntchito. Ngati pali njira yotumizira yotsika mtengo, mudzamuuze tsiku limene wafunsa yekha. Ndalama imene ejenti wadula potapa muilembe m'kaundula wa mmene mwagwiritsira ntchito, ngati chiwerengero chabe, popanda dandaulo.

Lipirani msanga, sungani pepala

Ndalama ya fizi isagone m'nyumba masiku ambiri. Ikakhala pa foni sabata imodzi pamabwera maliro, pamabwera wodwala, pamabwera ngongole ya kubanki m'khonde, ndipo K400,000 imasanduka K340,000. Zikatero uthenga wothokoza umakhala wovuta kulemba, chifukwa muli ndi chobisa. Lipirani mkati mwa masiku awiri.

Sukulu zambiri zogonera zimafuna kuti muike ndalama ku akaunti yawo ya kubanki, kenaka mupite ndi silipu ya kubankiyo kwa basala kuti akulembereni risiti ya sukulu. Mapepalawa ndi awiri, ndipo lofunika kwambiri kwa wotumiza ndi la sukulu, chifukwa ndi limene lili ndi dzina la mwana, kalasi, teremu ndi chidindo. Lijambuleni pamalo owala, lili lathyathyathya patebulo, chiwerengero chikuwerengeka. Silipu zina za makina zimafufutika pakapita miyezi, choncho chithunzicho chisungeni nanunso.

Ena amaona ngati kutumiza risiti ndi kusonyeza kuti pachibale palibe kukhulupirirana. Si choncho. Munthu wakunja wamvapo nkhani zambiri za anzake amene ankatumiza ya fizi mwana atasiya kale sukulu, kapena ya njerwa nyumba osamangidwa. Sangakufunseni risiti chifukwa akuopa kukukhumudwitsani. Mukaitumiza musanafunsidwe mwamumasula ku funso limene sakanatha kulifunsa. Komanso risiti imatseka nkhani. Imanena kuti ntchito imene ndalama inabwerera yatha, ndipo uthenga umene uli ndi ntchito yotha sumveka ngati pempho.

Uthenga weniweni wothokoza

Uwu umapita pamodzi ndi risiti, tsiku lachiwiri kapena lachitatu. Ukhale ndi zinthu zinayi zokha: chimene chalipiridwa, chimene chasintha kwa mwana, kuzindikira kuti woperekayo wadzimana, ndi dalitso kapena moni kwa banja lake. Pa nkhani yathu ija ungakhale chonchi:

"Achimwene, fizi ya teremu ino ndalipira yonse, K400,000, risiti ndi imeneyi. Mwana wanu wapita Lamlungu, walowa m'kalasi tsiku loyamba pamodzi ndi anzake, sanabwezedwe pageti. Ndikudziwa kuti nanunso muli ndi lendi ndi ana oti muwasamale kumeneko, ndipo ndalamayi simunaitole pansi. Mwatichotsa manyazi. Mulungu abwezere pamene mwachotsapo. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana."

Onani kuti zonse zokhudza ndalama zikunenedwa ngati zochitika kale: ndalipira, wapita, walowa. Mulibe "adza-" aliyense wokhudza thumba la malume. Iyi ndi njira yosavuta yoyesera uthenga wanu musanautumize. Werengani, ndipo paliponse pamene pali mawu onena za kutsogolo dzifunseni kuti ndani adzalipire kutsogoloko. Ngati yankho ndi wolandira uthengayo, chotsani chiganizocho.

Chiganizo cha "sanabwezedwe pageti" ndi chimene chimafika pamtima. Kunena kuti "mwatithandiza kwambiri" ndi zoona koma sikuonetsa kanthu. Munthu amene ali kutali amafuna kuona ndi maso a mumtima chimene thukuta lake lachita: mwana atanyamula chikwama ndi ndowa, akukwera minibasi pa siteji, dzina lake palibe pa mndandanda wa osalipira umene amawerenga pa asembule. Sankhani chinthu chimodzi chotere, chenicheni, osati chokometsera.

Tsopano mawu amene amabisa pempho. Awa ndi ofunika kukhalapo pang'ono, chifukwa onenawo nthawi zambiri alibe cholinga choipa.

"Musatope," "mupitirize mtima womwewo," "ndi mawa lomwe." Tanena kale. Kwa agogo amene sangathokoze popanda mawu amenewa, palibe vuto, aliyense amadziwa kuti ndi chilankhulo cha akuluakulu. Koma inu kholo la mwana, amene mumadziwa tsiku lotsegulira sukulu ndi nambala ya akaunti, mukawanena amalemera mosiyana.

"Tikudalira inu," "popanda inu ife tilibe kolowera," "inu ndiye bambo wake wa mwanayu." Awa amamveka ngati kutamanda, koma akusenzetsa munthu katundu wa zaka zonse zotsala. Makamaka kwa malume. Pa mwambo wathu wa Achewa malume ndi mwini mbumba, ndipo iye akudziwa kale kuti ana a mlongo wake amamuyang'ana. Kumukumbutsa udindo umenewu pa tsiku lothokoza ndi kumuuza kuti wangochita zimene amayenera kuchita. Nenani za lero: "Teremu ino mwatinyamula."

"Mwanayu akuti akufuna adzakhale dokotala, adzapite ku koleji." Maloto a mwana ndi okoma, koma akalowa mu uthenga wa fizi amawerengedwa ngati bajeti: Fomu 4, mayeso a MSCE, kenaka zaka zingapo za kuyunivesite. Asungeni kuti mudzacheze tsiku lina.

"Zikomo, ngakhale zinthu zakwera kuno." Mawu akuti "ngakhale," "koma," ndi "kungoti" amafufuta zonse zimene zanenedwa patsogolo pake. Chimodzimodzi nkhani za mtengo wa feteleza, wa thumba la chimanga, denga lodontha, kapena mng'ono wake wa mwanayo amene alibe nsapato. Inu mwina mukungocheza za kumudzi monga mwa masiku onse. Iye akuwerenga mndandanda wa zimene zikubwera. Pa uthenga uwu wokha, nkhani za mavuto zidikire.

"Ana a uje amalume awo anawagulira laputopu." Kuyerekeza ndi mabanja ena kulibe malo ngakhale pang'ono.

Mwambi wa "kupatsa n'kuika" nawonso samalani nawo. Ukatuluka m'kamwa mwa wolandira ungamveke ngati mukumulonjeza kuti mwana adzabweza, kapena ngati mukumulimbikitsa kuti aziikabe. Lonjezo loti "akadzayamba ntchito adzakusamalani" limaika ngongole pamutu pa mwana wa zaka 16 amene sanavomere, ndipo mphatso imasanduka katapila wa pachibale. Dalitso loti Mulungu abwezere pamene achotsapo ndi labwino chifukwa likupempha kuti thumba lake lidzale, osati kuti lidzatsegukenso.

Kulemba, voisi kapena kuimba

Risiti ndi ziwerengero zipite molemba, kuti azitha kubwererako. Mawu othokoza amakoma pa voisi ya pa WhatsApp, chifukwa liwu limanyamula zimene zilembo sizinganyamule, koma isapitirire mphindi imodzi. Voisi ya mphindi zisanu imayamba ndi zikomo n'kukathera ku matenda a mbuzi, ndipo penapake pakati pamalowa pempho losakonzekera. Ngati mukudziwa kuti pakamwa panu pamathamanga, lembani kaye mfundo zinayi zija papepala.

Kuimba foni kuli ndi msampha wake. Mukatha kuthokoza pamakhala kachetechete, ndipo wakunjayo, mwa ulemu, amafunsa kuti, "Nanga zina zili bwanji kumeneko?" Funso limeneli ndi moni, si chitseko. Yankhani kuti, "Tili bwino, mvula yayamba, amayi akupereka moni," kenaka mufunseni za iye: ntchito, kuzizira, ana. Anthu ambiri akunja amadandaula chinthu chimodzi, kuti palibe amene amawafunsa mmene alili pokhapokha ngati mawu oyamba a pempho. Ndipo musafulashe kuti akuimbireni. Kuthokoza kumene wothokozedwayo walipira yekha mayunitsi kwachepa kale. Gulani bandulo yaing'ono muimbe inuyo.

Nthawi nayo muiganizire. Malawi ndi South Africa sasiyana nthawi, choncho vuto ndi mashifiti chabe. Ku Mangalande ali m'mbuyo ndi maola awiri kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka kumapeto kwa Malichi, ndi ola limodzi miyezi inayo. Ambiri kumeneko amagwira ntchito usiku, yosamalira okalamba kapena ya m'nyumba zosungira katundu, ndipo masana amagona. Uthenga wolemba sudzutsa munthu. Kuimba kambirimbiri motsatizana kumamuopsa, amaganiza kuti kwagwa zovuta.

Mwana athokoze yekha

Mwana wa kusekondale athokoze ndi pakamwa pake kapena ndi dzanja lake, asanapite kusukulu. Kalata yapamanja ya theka la tsamba, yojambulidwa pa foni, imasungidwa nthawi yaitali kuposa uthenga uliwonse wa kholo. Mukhale naye polemba, osati kuti mumuuze mawu, koma kuti muchotse zimene ana amaikamo mosazindikira: foni, nsapato za mpira, "mukamabwera mudzanditengere." Zikhale ngati izi:

"Amalume, zikomo pondilipirira fizi ya teremu ino. Ndikupita kusukulu pa nthawi yake. Teremu yatha masamu ndinapeza 58, ndipo ndikulimbikira kuti ndikweze. Moni kwa azakhali ndi asuweni anga."

Musamujambule mwana atavala yunifomu yong'ambika kapena ali wopanda nsapato. Chithunzi chimapempha mokweza kuposa mawu. Musamuuzenso kuti agwade pa kamera kapena alire. Ulemu wa mwana pa chithunzi ndi kuima bwino, atavala zoyera, akumwetulira ngati akufuna.

Ikatsala, ndi ikaperewera

Pa nkhani yathu patsala K50,000. Musaikhale chete, ndipo musaigwiritse ntchito kaye n'kudzanena pambuyo ngati malume sananene kuti yotsala ndi yanu. Funso lake ndi lalifupi: "Patsala K50,000. Ndimaganiza zomugulira sopo, shuga ndi makope, ina ikhale thiransipoti. Kapena ndiisunge?" Kawirikawiri adzayankha kuti chitani mmene mukuonera. Mukatero tumizani mizere itatu yosonyeza mmene yayendera, mwachitsanzo K28,000 golosale ndi makope, K12,000 thiransipoti, K10,000 ya m'thumba mwa mwana. Kunena kuti ndalama yatsala ndi umboni waukulu kuposa wina uliwonse woti simukufuna kumukama.

Kuperewera ndiye kovuta. Tiyerekeze kuti sukulu yakweza fizi kufika K520,000, ndipo kalata yake yafika malume atatumiza kale. Paperewera K70,000. Apa pali njira ziwiri zoona, ndipo yachitatu, yongotchula kuperewerako n'kusiya m'malere kuti iye amve yekha, ndi imene imaononga chibale.

Njira yoyamba ndi yabwino ngati mungathe: kwanitsani nokha, ndipo munene mutakwanitsa kale. "Fizi anakweza kufika K520,000. Yanu K450,000 ndaika yonse, yotsalayo ndaonjezera nditagulitsa mtedza. Zonse zatheka, risiti ndi imeneyi." Chiwerengero cha pa risiti chisiyana ndi chimene iye amadziwa, choncho kubisa sikungatheke, ndipo palibe chifukwa chobisira. Chofunika ndi mawu akuti "zonse zatheka." Uthenga wotere umamuonetsanso kuti sakunyamula yekha, kuti kuno anthu akugwiranso mbali yawo ya mtolo.

Njira yachiwiri ndi ya pamene simungathe. Pitani kaye kwa basala kapena kwa ahedi mukapemphe kuti mwana alowe ndi imene ilipo, yotsalayo mudzamalize pa tsiku limene mwagwirizana. Sukulu zambiri zimalola ngati gawo lalikulu lalipiridwa, koma pemphani kuti alembe pa risiti ndalama yotsala. Kwa malume nenani zoona pamodzi ndi dongosolo lanu: "Yanu ndalipira yonse. Patsala K70,000 chifukwa anakweza, ndagwirizana ndi asukulu kuti ndidzamalize pofika pakati pa teremu, ndipo ndikuyang'ana ine. Ndangofuna mudziwe chifukwa ziwoneka pa risiti." Mawu akuti "ndikuyang'ana ine" muwanene pokhapokha ngati ndi zoona. Ngati mumtima mukudziwa kuti palibe kumene ichokere, ndi bwino kuthokoza lero, kudikira masiku angapo, n'kupempha poyera ngati pempho latsopano, kusiyana ndi kunamizira kulimba kenaka n'kudzaimba usiku mwana atabwezedwa.

Ndani wina amve

Ngati malume ali pabanja, ndalamayo yachoka m'nyumba ya anthu awiri. Alamu anu nawo adzimana. Kuwathokoza mwachindunji kumachotsa kakhwinya kamene kamamera m'mabanja ambiri akunja, koti abale a mwamuna kapena a mkazi amangodziwa kulandira. Koma funsani kaye: "Ndingawathokoze alamu?" Nthawi zina wotumiza sanauze mnzake, ndipo uthenga wanu wabwinowo ungayatse moto m'nyumba ya eni. Akakuuzani kuti ayi, ingoperekani moni wamba.

Pa gulupu ya banja musaikepo risiti kapena chiwerengero. Mukalemba kuti "tithokoze achimwene atumiza K450,000," pofika madzulo alandira mauthenga anayi ochokera kwa abale ena amene nawonso ali ndi ana kusukulu. Inu simunapemphe zina, koma mwamutsegulira mzere. Chimodzimodzi pa sitetasi, pa Facebook, ndi pa umboni wa kutchalitchi wotchula dzina. Ngati akuluakulu a banja ayenera kudziwa, monga amayi anu, auzeni pakamwa, ndipo muwapemphe kuti akamalankhula ndi mwana wawoyo angodalitsa. Kuthokoza pagulu kuchitike pokhapokha mwini wake atavomera, ndipo ngakhale apo chiwerengero chisatchulidwe.

Miyezi ya pakati

Chimene chimachititsa kuti zikomo amveke ngati pempho nthawi zambiri si mawu, koma kalendala. Chaka cha sukulu chili ndi materemu atatu. Ngati dzina lanu limaoneka pa foni yake katatu kokha pa chaka, sabata ziwiri sukulu isanatsegulidwe, ndiye kuti ngakhale "mwadzuka bwanji" wanu ali ndi mtengo. Tsegulani macheza anu a pa WhatsApp muyang'ane masiku. Mukaona kuti mauthenga anu aunjikana pafupi ndi masiku otsegulira sukulu, kapena pakati pa 25 ndi kutha kwa mwezi pamene ambiri amalandira malipiro, mwapeza chimene iye amaona.

Kukonza kwake n'kosavuta. Kamodzi kapena kawiri pa mwezi, chapakati pa mwezi, tumizani kanthu kopanda ndalama mkati: chithunzi cha chimanga cha m'munda wa amayi, nkhani ya chinkhoswe cha msuweni, zigoli za Bullets ndi Wanderers ngati amatsata mpira. Munthu wodalirika akamapita ku Joni mupatsireni kaphukusi ka zimene amazisowa kumeneko, monga mpunga wa kilombero, ufa woyera kapena mtedza, mutafunsa kaye wonyamulayo zimene zimaloledwa pachipata. Si kubweza ngongole, ndipo musanene kuti ndi kubweza. Ndi kuonetsa kuti njira imayenda mbali zonse ziwiri.

Lipoti la kumapeto kwa teremu litumizeni tsiku limene lafika, likhale labwino kapena loipa. Amene walipira ali ndi ufulu woona zotsatira. Koma lipoti limafika nthawi imodzi ndi kalata ya fizi ya teremu yotsatira, ndipo kawirikawiri ziwerengero za fizi zimalembedwa m'munsi mwa lipoti lomwelo kapena pa pepala lomatidwa kumbuyo. Jambulani mbali ya magiredi yokha. Mukatumiza zonse pamodzi, lipoti lasanduka bilu. Ngati mwana sanakhoze bwino, nenani chimene mwachitapo, monga kukaonana ndi aphunzitsi a phunzirolo, ndipo musatchule za ndalama ya maphunziro apadera pa uthenga umenewo.

Pamene muyenera kupemphadi

Zonsezi sizikutanthauza kuti kupempha n'kolakwa. Teremu ina ibwera ndithu. Chofunika ndi kuti pempho lidziwike kuti ndi pempho, libwere msanga, ndipo likhale ndi khomo lotulukira. Sabata zisanu kapena zisanu ndi imodzi sukulu isanatsegulidwe, osati masiku atatu, lembani chonchi:

"Achimwene, ndili ndi pempho, ndipo mukhale omasuka kukana. Fizi ya teremu ikubwerayi ndi K520,000, yofunika pofika tsiku lotsegulira. Ine ndakonza K200,000. Ngati mungathe kuthandizapo gawo lililonse mundiuze pofika kutha kwa mwezi uno, ngati sizitheka mundiuzenso kuti ndiyang'ane kwina nthawi ikadalipo."

Musayambe ndi kubwereza zikomo wa teremu yatha. Mukatero, zikomo uja amaoneka kuti anali nyambo kuyambira pachiyambi. Chabwino koposa ndi kukambirana kamodzi, momasuka, kuti thandizoli ndi la teremu imodzi, la chaka chimodzi, kapena mpaka mayeso a Fomu 4, komanso ngati ndi fizi yokha kapena pamodzi ndi ndalama ya mayeso ya ku MANEB ndi zofunika kugonero. Malire akadziwika, simufunikanso kupempha mozungulira, ndipo iye safunikanso kusanthula mawu anu aliwonse.

Tsiku lina adzanena kuti sangathenso. Ntchito yatha, mapepala okhalira m'dzikomo avuta, mwana wake wayamba koleji. Yankhani tsiku lomwelo, chifukwa kukhala chete pa nthawi imeneyi kumamveka ngati mkwiyo. Musafunse kuti "ndiye ife titani," ndipo musatume amayi kuti akamunyengerere. Werengani zimene wachita, muzitchule: "Achimwene, ndamva, ndipo musadandaule. Mwamulipirira materemu asanu, kuchokera Fomu 2 mpaka pano. Zotsalazi tiona kuno. Ntchitoyo ikuyenda bwanji, mwapeza poyambira?" Lipoti la teremu yotsatira mumutumizirebe, ndipo zotsatira za MSCE zikadzatuluka akhale m'gulu la oyamba kumva.